Lumo la bakiteriya

Bakiteriya nayenso amadwala. Pali mavairasi otchedwa mafaji amene amalowetsa DNA yawo m'thupi mwake kuti aswanemo. Ine chimene chimandichititsa chidwi ndi luso limene bakiteriya, kachilombo kosaoneka ndi maso, amadzitetezera nalo.

Bakiteriya wina wa mtundu wa E. coli ali ndi enzaimu yotchedwa EcoRI. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya lumo: imayenda pa DNA kufunafuna malo amene zilembo zake zandondozana kuti GAATTC, ndipo ikawapeza imadula pakati pa G ndi A. Nanga bwanji siidula DNA ya mwini wake? Bakiteriyayo amayamba waika chizindikiro cha methilo pa GAATTC wake aliyense, monga mlimi amadinda ng'ombe zake. DNA yopanda chidindo ndi ya mlendo, imeneyo ndiyo yodulidwa.

Pokongola ndi podulidwapo. Lumoli silidula mowongoka, koma limasiya kansonga ka zilembo zinayi, AATT, kali panja. Zidutswa ziwiri zodulidwa ndi EcoRI, ngakhale china chikhale cha chule, nsonga zake zimagwirana, ndipo enzaimu ya ligezi imazisoka. Mu 1973 asayansi Cohen ndi Boyer analumikiza DNA motero.

Chitetezo china cha bakiteriya, chotchedwa CRISPR, ndicho chimasunga chikumbukiro. Bakiteriya amene wapulumuka amasunga kachidutswa ka DNA ya faji, ndipo kope lake la RNA limadzalondolera enzaimu ya Cas9 podula. Mu 2012 asayansi Doudna ndi Charpentier anaonetsa kuti munthu akasintha mlondoleriyo, Cas9 amadula pamene wauzidwa, ngakhale nthawi zina amaphonya n'kudula pofanana napo.