Bowa Wosathawika wa mu World 1-1

Gemu ya Super Mario Bros., imene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan m'chaka cha 1985, imayamba popanda mawu ouza wosewera chochita. Mario waima kumanzere kwa sikirini, nkhope yaloza kumanja, ndipo kutsogolo kwake kuli bwalo lopanda kanthu. Chala chimadziwa chokha kolowera.

Posakhalitsa kakubwera Goomba, kachilombo koyenda pang'onopang'ono pamtetete. Mukangokagunda, Mario wafa, koma poti mwafera pakhomo penipeni, simunataye zambiri. Ulendo wachiwiri mumadumpha. Shigeru Miyamoto, mmodzi mwa amene anapanga gemuyi, anafotokozapo kuti poyamba mdani woyambirira anali kamba, koma anaona kuti ngwovuta kwa mlendo, chifukwa ukamuponda nkhani siithera pomwepo. Goomba ukamuponda kamodzi, basi.

Luso lenileni lili pa bowa. Goomba amaoneka ngati bowa, choncho munthu amene wangophedwa kumene akaona bowa wina akutuluka m'bokosi la chizindikiro cha funso, nzeru imamuuza kuti athawe. Miyamoto ndi mnzake Takashi Tezuka anadziwa zimenezi. Bowayo amayenda cha kumanja pamwamba pa njerwa, n'kugwera pansi, n'kugunda paipi yobiriwira, kenako n'kubwerera kwa Mario. Wosewera akati adumphe, nthawi zambiri mutu umagunda njerwa zam'mwamba zija, ndipo amagwera pa bowa yemwe amamuthawayo. Mario amakula. Mantha aja ndi amene amufikitsa pa phunziro, ndipo paipi ndi njerwa zinaikidwa pamenepo dala kuti kuthawa kukanike.

Mapaipi otsatira amanka natalika, mpaka wosewera azindikire kuti kukanikiza batani la A nthawi yotalikirapo kumakweza Mario m'mwamba kwambiri. Chakumapeto kuli masitepe awiri oyang'anizana, pakati pake pali pansi polimba. Mukaphonya mumangokwera n'kuyesanso. Patsogolo pang'ono masitepe omwewo abweranso, koma tsopano pakati pali dzenje lakupha. Mayeso afika pamene dzanja laphunzira kale.

Komatu njirayi ili ndi polekezera, ndipo oitamanda sakonda kunenapo. Malo amaphunzitsa bwino chinthu chimene amakukakamiza kuchita. Kuthamanga pogwira batani la B sikukakamizidwa mu World 1-1: munthu atha kufika pa mbendera akungoyenda, n'kukazunzika kutsogolo pa maenje aakulu ofuna liwiro. Kulowa m'paipi pokanikiza batani lolozera pansi nakonso ambiri ankamva kwa anzawo.

Inu amene mukupanga gemu yanu, mupatseni munthu woti sanaionepo, mukhale kumbuyo kwake, pakamwa mutseke. Akafa kangapo pamalo amodzi n'kusintha kachitidwe, malowo akuphunzitsa. Akamabwereza cholakwa chomwecho, kapena akadutsa osagwiritsa ntchito luso limene munafuna kuti aphunzire, musathamangire kulemba malangizo. Sunthani paipi kaye.