Pa 12, osati "posachedwapa"

Achemwali anga aakulu anagwira ntchito yotayipa makalata muofesi zaka zambiri, ndipo mpaka lero sangaone chiganizo chopunduka n'kuchisiya chidutse. Mwezi watha, pa 24, mwana wa achimwene athu anabwera kudzawaonetsa uthenga umene ankafuna kutumizira alandilodi ake ku Chilomoni. Mnyamatayu amalipira lendi ya K90,000 pa 1 mwezi uliwonse, koma kukampani kumene amagwira ntchito malipiro anayamba kutuluka pakati pa 8 ndi 10. Ine ndinali pambali ndikumwa tiyi, ndipo ndinaona ntchito yonse mmene inayendera.

Uthenga wake unali wautali, wofunika kutsitsa ndi chala kawiri pafoni. Unayamba ndi kupepesa katatu, kenaka nkhani ya abwana osamva, matenda a mwana, kukwera mtengo kwa ufa ndi makala, n'kuthera pa mawu akuti: "Ndikangolandira ndikupatsani posachedwapa, chonde mundimvetse."

Achemwali anawerenga mwakachetechete, n'kufunsa funso limodzi: "Iwe, bambowa akawerenga zimenezi alemba tsiku liti pakalendala yawo?" Mnyamata anakanda m'mutu.

Luso lawo lonse linachokera pa funso limenelo. Iwo amawerenga uthenga atakhala pampando wa woulandira. Alandilodi ambiri a m'mataundishipi mwathu si anthu olemera. Ndi opuma pantchito amene anamanga tinyumba tiwiri titatu kuseri kwa nyumba yawo, ndipo lendi ikamabwera imakhala itagawidwa kale: ina ya fizi, ina ya bilu ya madzi, ina yobweza ku banki m'khonde. Munthu wotere ukamuuza kuti "posachedwapa" wamusiya m'malere, pakuti naye ali ndi anthu ofunika kuwauza tsiku. Ukamuuza kuti "pa 12" akhoza kudandaula, komabe ali ndi poyambira.

Chifukwa chiyani pa 12, pamene malipiro amatuluka pofika pa 10? Mnyamata ankafuna kulemba pa 10 kuti aoneke wachangu. Azakhali akewo anakana. Pa 10 pakhoza kugwa Loweruka, netiweki ikhoza kuvuta, ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba akhoza kukhala alibe ndalama zokwanira madzulo amenewo. "Ukalonjeza pa 12 n'kupereka pa 10, ndiwe munthu," anatero. "Ukalonjeza pa 10 n'kupereka pa 11, ndiwe wabodza, ndipo mwezi wamawa sadzakumveranso." Masiku awiri apamwambawo sakudyera alandilodi chilichonse chachikulu, koma ndi amene akusunga dzina la mlendi.

Kenaka anayamba kudula. Kupepesa katatu kunatsala kamodzi. Nkhani ya abwana inafupika kukhala chiganizo chimodzi chopanda mnyozo, chifukwa munthu wonyoza omulemba ntchito amaoneka ngati ntchitoyo ili pafupi kumuthera, ndipo palibe landilodi amene amagona tulo ndi mlendi wotero. Matenda a mwana anawachotseratu, ngakhale anali oona. Anati zifukwa zikachuluka zimayamba kupikisana, ndipo wowerenga amayamba kusankha choti asakhulupirire.

Pamene ndinaseka ndi pa chiganizo chakuti "mukudziwa kale mmene zinthu zakwerera." Achemwali anachifufuta mwamsanga ngati akuzimitsa moto. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu amenewa ndi amene alandilodi amayambira akafuna kukweza lendi. Kuwalembera wekha n'kuwatsegulira chitseko.

Koma chinthu chimene sindikanachiganiza ine n'ichi. Anamufunsa ngati akupempha za mwezi uno wokha kapena kusintha tsiku mpaka kalekale. Zimenezi ndi zopempha ziwiri zosiyana, ndipo uthenga woyamba unazisakaniza. Mnyamata anati kuchedwa kwa malipiro kwakhazikika, choncho akufuna kusinthiratu. Apa achemwali anatenga cholembera. Ukangonena kuti "ndizilipira pa 12," alandilodi akhoza kumva kuti mwezi wa lendi uziyambira pa 12 n'kuthera pa 11 mwezi wotsatira. Zikatero pali masiku 11 apakati opanda mwini. K90,000 kugawa masiku 30 ndi K3,000 patsiku, ndiye kuti masiku 11 ndi K33,000. Ndalama imeneyi sioneka lero. Imadzatulukira tsiku losamuka, katundu ali kale pa lole, wina akuti "munalipira mpaka pa 30," wina akuti "mpaka pa 11." Mankhwala ake anali chiganizo chimodzi chonena kuti mwezi uziwerengedwabe kuyambira pa 1, chosintha ndi tsiku lopereka lokha.

Anamufunsanso kuti m'thumba ali ndi zingati zimene angapereke pa 1 osagona ndi njala. Anati K40,000. Iwo anamuuza alembe K30,000, pa chifukwa chomwe chija cha pa 12.

Uthenga unatuluka wotere:

"Mwaswera bwanji bambo? Pepani kukusokonezani. Kuntchito kwathu malipiro ayamba kutuluka pakati pa 8 ndi 10, choncho ndati ndikudziwitseni nthawi ikadalipo. Ndikupempha ngati mungalole kuti kuyambira mwezi wamawa ndizipereka lendi pa 12 m'malo mwa pa 1. Mwezi uziwerengedwabe kuyambira pa 1, chosintha ndi tsiku lopereka lokha. Kuti musavutike mwezi woyambawu, pa 1 ndipereka K30,000, ndipo K60,000 yotsalayo pa 12. Ngati tsikuli likusokonezani, ndiuzeni tikambirane. Ndifika mawa madzulo kudzamva maganizo anu. Zikomo."

Taonani mawu akuti "ngati mungalole." Polembanso uthengawo, mnyamata anayamba walemba kuti "ndizipereka pa 12," ngati akulengeza pa wailesi. Nyumba ndi ya eni, ndipo mgwirizano unali wa pa 1. Wopempha asayankhule ngati wagamula kale. Komanso achemwali sanalole kuti agwade mpaka kudzichotsa ulemu. Mawu akuti "chonde mundimvere chisoni" anawakana, ati munthu amene walipira zaka ziwiri osaphonya sakupempha chisoni, akupempha kusintha tsiku.

Chiganizo chomaliza, cha kufika madzulo, ena angachione ngati chosafunika poti uthenga wanena zonse. Koma bambo wachikulire amene mumatunga madzi pampopi umodzi sungamuuze nkhani ya ndalama pafoni pokha ngati ukumuzemba. Uthenga umapita patsogolo kuti akhale ataganiza kale, ndiponso kuti mawu atsale olembedwa. Munthu amatsatira pambuyo ndi ulemu wake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kutumiza pa 24, kusanafike pa 1, kunali kutsekula chitsekocho alandilodi asanagogode.

Achemwali eniake anavomera kuti uthenga wotere suchiza zonse. Ukakhala ndi ngongole ya miyezi iwiri kumbuyo, uyambe wanena za ngongoleyo, apo ayi pempho lako limveka ngati chipongwe. Ndipo amene amadalira maganyu, wosadziwa tsiku limene ndalama idzabwere, asapeke deti pofuna kukometsa uthenga. Bola atchule ndalama yochepa imene angamapereke sabata iliyonse.

Alandilodi anayankha usiku womwewo ndi mawu atatu: "Tionana mawa mwanawe." Atakumana anavomera za pa 12, koma anapempha kuti ya pa 1 ikhale K35,000 chifukwa cha bilu ya madzi. Mnyamata anali nayo. K55,000 yotsalayo anatumiza pa 10.