Kodi Nthondo ndi Msyamboza wobisika?

Owerenga ambiri a ku Malawi sakhulupirira kuti wolemba angangonena chimene wanenacho. Akaona mfumu m'nkhani, amafunsa kuti akunena mfumu iti. Akaona wakuba, amayamba kuwerenga pa zala akuba amene amawadziwa. Khalidweli lili ndi gwero lake. Kuyambira 1968, pamene boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, alembi anaphunzira kulankhula mokuluwika ndipo owerenga anaphunzira kumasulira. Jack Mapanje, amene buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991. Masiku amenewo kufufuza tanthauzo lobisika sikunali masewera.

Chotopetsa n'chakuti khutu lomwelo tsopano likuikidwa pa buku lililonse, ndipo aliyense amene watulukira "chinsinsi" amafuna kumuombera m'manja asanasonyeze umboni.

Chitsanzo chabwino chili ku Dowa. Samuel Josia Nthara anabadwira ku Mvera mu 1905. Buku lake la Nthondo, limene ophunzira a sekondale amalidziwa bwino, linapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi pa dzina loti Man of Africa. Pambuyo pake Nthara yemweyo analemba Msyamboza, mbiri ya mfumu yeniyeni ya kwa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe. Munthu akawerenga mabuku awiriwa motsatizana, ganizo limadza lokha: Nthondo anakhala mfumu, Msyamboza anali mfumu, Nthondo anatembenuka mtima, Msyamboza nayenso anatembenuka, wolemba ndi mmodzi, dera ndi limodzi. Basi, Nthondo ndi Msyamboza amene wangosinthidwa dzina!

Ganizoli n'lokoma, koma pofunika kulifunsa funso limene okonda zinsinsi amalithawa: kodi muli chiyani m'nkhanimo chimene sichimveka pokhapokha ganizoli litakhala loona? Funso limeneli ndilo muyeso woposa yonse. Kufanana pakokha si umboni. Umboni ndi kanthu kamene kakutsalira, kamene kuwerenga kwa wamba kwalephera kukalongosola, monga mpangankhani kuchita zosayembekezeka, wolemba kubwereza kanthu kooneka kopanda ntchito, kapena kukhala chete pomwe anayenera kulankhula. Ganizo labwino limatola zotsalirazo n'kuzipatsa malo. Ganizo lachabe limatola zinthu zimene zinali zomveka kale n'kuzipatsa tanthauzo lachiwiri limene palibe analisowa.

Amene anaonera Game of Thrones akudziwa mmene ganizo labwino limaonekera. Buku loyamba la nkhaniyi, lolembedwa ndi George R. R. Martin, litatuluka mu 1996, owerenga ena anayamba kunena kuti Jon Snow si mwana wa Ned Stark koma wa mlongo wake Lyanna ndi Rhaegar Targaryen. Sanalote ayi. Ned amadziwika ndi kusunga ulemu wake, koma akuti anabereka mwana kunja kwa banja, ndipo safuna kukamba za mayi wa mwanayo ngakhale ndi mkazi wake. Lonjezo limene anapanga kwa Lyanna ali pafupi kumwalira limamubwerera m'maganizo kawirikawiri, koma wowerenga sauzidwa kuti linali lotani. Asilikali oteteza banja lachifumu anapezeka akulondera nsanja imene munali Lyanna, nkhondo itatha kale, pamene akanayenera kukhala ndi wolowa ufumu. Zinthu zitatu zosamveka, yankho limodzi lozimasula zonse. Filimu ya pa kanema itavomereza zimenezi mu 2016 ndi 2017, inangotsimikizira zimene masamba a bukulo anali atanyamula kale.

Tsono Nthondo ayesedwe ndi muyeso womwewo. Kodi ufumu wake ndi chinthu chosamveka? Ayi. Pakati pa Achewa ufumu umayenda m'mbumba, ndipo munthu amene anali wovuta paunyamata atha kudzaulowa ndithu. Nanga kutembenuka mtima? Buku lolembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wobadwira pa mishoni imene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anatsegula mu 1889, likanadabwitsa likanatha mwa njira ina. Mafumu otembenuka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sanali mmodzi. Zofananazo ndi zikuluzikulu kwambiri, ngati chitenje chimene chimakwana aliyense.

Pa zinthu zimene zimasiyanitsa munthu ndi mnzake, ganizoli limagweratu. Moyo wa Nthondo wamangidwa pa unyamata wakuba ndi kusamvera, ndiponso pa ulendo wokafuna ntchito kumayiko a kummwera. Imeneyo ndi nkhani ya anyamata a nthawi ya atsamunda, a msonkho ndi matchona. Msyamboza anali wa m'badwo wina, munthu amene anakula Azungu asanafike, amene amakumbukika ndi malonda, ulimi ndi kulandira njira zatsopano m'mudzi mwake. Wolemba wofuna kubisa munthu weniweni amasiya kachizindikiro koti odziwa amuzindikirire, ndipo amakhala ndi chifukwa chobisira. Nthara analemba za Msyamboza poyera, ndi dzina lake lenileni pachikuto. Akanabisiranji mu 1933 munthu amene anadzamutamanda pagulu pambuyo pake?

Pali ganizo lachiwiri, lochenjera kuposa loyambali, ndipo n'loyenera kulimvetsera. Limati kutembenuka kwa Nthondo ndi chophimba m'maso amishoni, mtima weniweni wa wolemba uli ku mwambo wa makolo. Ili lokha lili ndi kanthu kogwirika: gawo lalikulu la bukuli lili pa moyo wa m'mudzi, maliro, milandu ndi zikhulupiriro, pamene Chikhristu chimafika chakumapeto. Kulemera kwa mbali imodziku ndi chinthu choona chimene aliyense angachione potsegula masamba.

Koma ganizoli liyenera kupikisana ndi malongosoledwe osavuta. Mpikisano umene Nthara analowa unali wa bungwe lofuna kudziwa zilankhulo ndi chikhalidwe cha anthu a mu Africa, choncho kufotokoza mwambo mwatsatanetsatane kunali ntchito yeniyeni ya bukulo. Komanso nkhani ya kutembenuka imafuna moyo wakale wautali kuti kusinthako kumveke kukula kwake. Ndipo munthu yemweyo analemba Mbiri ya Achewa n'kulembanso mbiri ya mbusa Namon Katengeza. Kukonda mwambo ndi kukonda mpingo zinakhalira limodzi mwa iye kwa zaka zambiri. Nkhaniyo ikulola kunena kuti Nthara ankaulemba mudzi ndi chikondi. Kunena kuti kutembenukako n'kwachinyengo kukufuna malo amodzi okha pamene wofotokoza nkhani akuseka kapena kukayikira chikhulupiriro chatsopanocho, ndipo udindo wotsegula tsambalo ndi wa mwini ganizo.

Apa ndi pamene ambiri amakwiyitsa. Ukawauza kuti tsamba lotero sanalisonyeze, amayankha kuti wolembayo anabisa mwaluso. Ndiye kuti umboni ukapezeka apambana, ukasowa apambananso. Munthu wotero afunsidwe kuti atchule chimene, chitapezeka m'bukumo, chingamusiyitse ganizo lakelo. Akalephera kutchula, wasiya kale kukamba za buku.

Za njira zina, monga kuphwanya dzina la mpangankhani kuti mutuluke uthenga, kapena kuwerengera zilembo, sizoyenera kutayirapo inki. Ngakhale mawu a wolemba mwini, akawanena buku litatuluka kale, amangouza anthu zimene ankafuna, osati zimene analemba. J. K. Rowling atauza anthu mu 2007 za moyo wachikondi wa Dumbledore, mabuku onse 7 a Harry Potter anali atasindikizidwa kale, ndipo owerenga anabwerera kumasamba kukaona ngati zimenezo zilimodi. Kwa Nthara njira yofunsa mwini wakeyo inatsekeka kalekale, ndipo ophunzira a ku Robert Blake ku Kongwe akafuna kutsutsana za Nthondo, ayenera kubwera ndi nambala ya tsamba.