Kalulu Aganize ndi Maso: Nthano ya Thanthwe pa Katuni

Wokamba nthano pabwalo ali ndi mwayi umene wolemba katuni alibe. Akangoti Kalulu anapeza nzeru, omvera amavomera n'kupitirira. Pa katuni nzeruyo iyenera kuoneka ikubadwa, ndipo apa ndi pamene olemba ambiri amagwera.

Titenge nthano ija Fisi wanjala amapanikiza Kalulu pansi pa thanthwe, Kaluluyo n'kukuwa kuti mwala ukugwa, Fisi agwirire iye akadule mzati. Tiipatse mphindi 3. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, koma ojambula ambiri amaonetsa chojambula chimodzi kawiri, kotero 12 zimakwana. Masekondi 180 atha kudya zojambula 2,160. Wolemba wodziwa zimenezi samwaza zochitika mwachisawawa.

Chigawo choyamba, masekondi 20, n'cha njala yokha: Fisi akunyambita fupa louma, m'mimba mukulira. Asanene kuti ali ndi njala. Chachiwiri, kuthamangitsana, chisapitirire masekondi 30, chifukwa miyendo yothamanga imafuna zojambula zambiri pomwe nkhani siisuntha kwenikweni.

Mtima wa filimu uli m'chigawo chachitatu, ndipo mphindi yathunthu ipite pamenepa. Kalulu watsamira mwala, kothawira kulibe. Kamera iyang'ane m'mwamba monga akuonera iye: mitambo ikudutsa pamwamba pa thanthwe, moti thanthwelo likuoneka ngati likupendekeka. Kenaka tibwerere pankhope yake. Maso apite kumitambo, atsikire kwa Fisi, abwererenso kumitambo, khutu limodzi lomwe linagwa ndi mantha lidzuke. Mwana woonera wagwira kale chiwembucho Fisi asanadziwe kanthu, ndipo kuseka kumachokera pa kutsogola kumeneku. Pokhapo Kalulu akuwe: "Achimwene, gwirani, tifera pano!" Fisi naye ayenera kuiona mitamboyo. Akapanda kuiona amasanduka chitsiru chabe, ndipo kupusitsa chitsiru si luso loti Kalulu n'kutamandidwa nalo. Ine ndimakayikira zolemba zilizonse zimene pamenepa zimaika mawu a wofotokoza; kawirikawiri ndiye kuti wolemba sanapeze chithunzi.

Chachinayi, masekondi 50, n'chotchipa koma chokoma. Fisi waima chilili, manja m'mwamba. Chojambula chimodzi chitha kukhala nthawi yaitali, kumangosintha mthunzi kuchoka masana kufika madzulo, miyendo yake yaifupi yakumbuyo ikunjenjemera, ntchentche itatera pamphuno iye osatha kuiingitsa. Kalulu asaonekenso konse.

Masekondi 20 otsala Fisi alefuke, asiye mwala, adzigwetse pansi ataphimba mutu. Thanthwe lili phee. Wolemba alembe bwinobwino kuti padutse masekondi atatu opanda mawu kapena nyimbo Fisi asanatsegule diso, chifukwa akapanda kulemba, wolumikiza zithunzi adzawadula poyesa kuti ndi malo ongowonongeka.