Mbendera Yoyenda Pang'onopang'ono

Mwezi wa Juni chaka chilichonse, pa bwalo la Horse Guards mumzinda wa London, msilikali wachinyamata amanyamula mbendera ya gulu lake n'kudutsa nayo kutsogolo kwa mizere ya anzake ovala majekete ofiira. Amayenda mwachifatse ngati woperekeza maliro. Mwambowu, wotchedwa Trooping the Colour, unayamba kuchitika pokumbukira kubadwa kwa mfumu mu 1748, koma kuyenda kodekhako kunabadwira kunkhondo.

Mfuti za nthawiyo zinali zagogodela. Msilikali waluso ankawombera kawiri kapena katatu pa mphindi, ndipo chipolopolo sichinkalunjika patali. Nzeru inali yoima mothithikana, phewa ndi phewa, n'kuwombera onse pamodzi. Onga wake unkatulutsa utsi wochuluka moti posakhalitsa munthu sankamuonanso mkulu wake, ndipo mawu ankamira m'phokoso. Chotsala chinali ng'oma, yomwe inkauza anthu kuti apite kutsogolo kapena abwerere, ndi mbendera, yomwe wosochera ankathamangirako. Ndiye ankaiyendetsa pang'onopang'ono pamaso pa aliyense kuti aidziwe bwino tsiku la nkhondo lisanafike.

Luso limene ndimalisirira kwambiri lili m'mapazi. Sitepe imodzi ndi mainchesi 30, pafupifupi masentimita 76, ndipo sajeni amaiyeza ndi ndodo yotseguka ngati kampasi ya mwana wasukulu. Wamtali amafupikitsa, wamfupi amatambasula. Wina akapitirira ndi chala chimodzi chokha pa sitepe iliyonse, pofika pakati pa bwalo mzere wapindika, ndipo woonerera aliyense amaona. Pokhota m'pamene pamavuta: wam'kati amangopondaponda pamalo amodzi, wakunja akutambasula miyendo, aliyense akumva chigongono cha mnzake kuti mzere usang'ambike. Ng'oma yaikulu imagunda phazi lamanzere likamatera. Woyimba ng'omayo akathamanga pang'ono, anthu mazanamazana amathamanga naye.

Mfuti zolunjika patali zitabwera, kuima pamzere utavala zofiira kunasanduka kudziitanira imfa. Asilikali a Britain ananyamula mbendera kunkhondo komaliza mu 1881 ku Laing's Nek, ku South Africa, ndipo mu 1902 khaki anakhala chovala cha ntchito cha asilikali onse. Zofiira zinatsalira perete.

Nanga bwanji osangosiya perete? Perete ndi sukulu yotsika mtengo. Mnyamata wongolembedwa kumene amaphunzirapo kumvera lamulo nthawi yomweyo ndi kusunga malo ake pakati pa anzake, popanda kuwononga chipolopolo ngakhale chimodzi. Ndipo cholakwa sichibisika. Amene amaguba pa Horse Guards si osewera zisudzo, ndi asilikali omwewo amene amatumizidwa kunkhondo. Amaima dzuwa likuswa mtengo atavala chipewa cha ubweya wa chimbalangondo, akugwedeza zala m'kati mwa jombo kuti magazi aziyenda, ndipo zaka zina wina amakomokabe n'kugwa chafufumimba, anzake osatembenuka n'komwe.