Malo amene woyesa magemu anasiya osalemba

Nthano yaifupi iyi ilibe mayina, ndipo pafupifupi yonse ikuchitikira pa fomu imodzi. Mayi wina ntchito yake ndi kuyesa gemu yomenyana isanapite pamsika. Akapeza cholakwika amalemba zinthu zitatu: zimene anachita kuti chioneke, zimene zinayenera kuchitika, ndi zimene zachitikadi.

Cholakwika chake ndi ichi. Womenya akaponya nkhonya, gemu imayenera kumudikiritsa kuti dzanja libwerere kaye. Koma mayiyu akadina batani lachiwiri nkhonya itangofika, kudikirako kumalumphidwa, mwendo n'kutsatira mdani asanatchinge. Mpata wake ndi wa zithunzi 3 zokha mwa 60 zimene gemu imaonetsa pa sekondi.

Taonani mmene wolemba akugwiritsira ntchito fomuyo. Gawo loyamba mayiyu akulidzaza mwachangu, m'ziganizo zazifupi zaudongo. Atafika pa `Expected result` waima. Wabwerera ku gemu kuti akatsimikize, wabwereranso, mpaka anzake aweruka. Cholakwika chikaoneka kangapo motsatizana, woyesa amakhala watsimikiza kale, ndiye owerengafe tikudziwa kuti mayiyu sakuyesanso, akusewera. Wolemba sakutiuza zimenezi. Akungosintha mneni: poyamba mayiyu "akubwereza", kumapeto kwa ndime "akuphunzira". Apa ndi pamene pali luso la nthanoyi, chifukwa munthu wolembedwa ntchito yosaka zoipa wasowa choti alembe kuti chabwino chikanakhala chiyani.

Nkhaniyi ili ndi muzu weniweni. Popanga Street Fighter II, imene Capcom inatulutsa mu 1991, Noritaka Funamizu anaona kuti wosewera wachangu atha kulumikiza nkhonya mwanjira imene sinakonzedwe. Anazisiya poganiza kuti n'zovuta kwambiri moti anthu sadzazigwiritsa ntchito, koma lero magemu omenyana amamangidwa pa zimenezo.

Chimene sichikundikhutiritsa ndi mathero. Mkulu wa opanga gemu akuyesa kamodzi, akumwetulira, akudina `Won't fix`, basi. Cholakwika sichisanduka chabwino pongochisiya. Pamafunika kufufuza ngati mpata wa zithunzi 3 uja umakhala chimodzimodzi pa makina ofooka, komanso ngati palibe womenya amene angalumikize nkhonya mosalekeza mpaka mdani kufa osagwira batani. Zikatero gemu yaonongeka, ndipo amene akanazindikira zimenezi ndi mayi yemweyu. Wolemba wamulanda ntchito yake pamene inali kuyamba kukoma. Wamulandanso mantha, pakuti woyesa amene akupempha kuti cholakwika chisakonzedwe amadziwa kuti zikavuta chala chidzaloza iye.

Theka loyamba ndi la wolemba amene anaionetsetsa ntchitoyi. Tsamba lomaliza likufunika kulembedwanso.