"Tudo bom" si "Zabwino zonse"

Aliyense kuno ku Mecanhelas amawadziwa mawu a Vodacom akuti "Tudo bom". Kampaniyi inayamba ntchito m'Mozambique mu 2003, ndipo inasankha mawu amene anthu ankapatsirana kale moni. Wina amafunsa kuti "Tudo bom?", mnzake n'kuyankha kuti "Tudo bom". Mphamvu yake yagona pomwepo: funso ndi yankho n'zofanana, choncho anthu awiri akangopatsana moni amakhala atatchula malondawo osadziwa.

Tiyerekeze kuti womasulira wapatsidwa mawuwa kuti awaike m'Chinyanja. Akatsata liwu ndi liwu, "tudo" ndi "zonse" ndipo "bom" ndi "zabwino". Akangowasanja mmene pakamwa panazolowerera, patuluka "Zabwino zonse". Galamala yake ilibe vuto, koma ife mawu amenewa timanena potsanzikana, kapena kwa mwana amene akupita kukalemba mayeso. Chikwangwani chotere chitaimikidwa ku Entre Lagos, wodutsa popita ku Nayuchi angaseke n'kufunsa kuti, "Kodi kampani ikutseka?"

Womasulira wochenjera angalembe "Zonse zili bwino". Tanthauzo lafika, koma moni uja wasowa. Awa ndi mawu a munthu amene wachokera kuchipatala kukaona wodwala ndipo akulimbitsa mtima abale. Womva amayamba kudzifunsa kuti chinavuta n'chiyani. "Zikuyenda" ndi moni weniweni, wofunsira ndi woyankhira, koma amaputa nthabwala: tsiku limene foni yakana kulumikiza, achinyamata adzaloza chikwangwani n'kunena kuti "sizikuyenda".

Ine ndikuona kuti oyenera ndi "Zili bwino". Ndi afupi, mawu awiri ngati a Chipwitikizi aja, ndipo mukakweza mawu kumapeto asanduka funso. Liwu lakuti "zonse" latayika, koma palibe chimene chaonongeka, chifukwa "zi" wa mu "zili" wanyamula kale zinthu zonse zosatchulidwa. Mawuwa amapewanso msampha wina. Otsatsa malonda m'Chipwitikizi amakonda kulankhula ndi wogula ngati mnzawo, ndi "tu". Womasulira akaika "iwe" kapena "yako", watukwana agogo amene akuwerenga chikwangwanicho. "Zili bwino" satchula munthu, motero sanyoza wamkulu ndipo satalikira mwana.

Choncho womasulira asayambe n'kufunsa tanthauzo la liwu lililonse. Ayambe wafunsa kuti mawu amene wasankhawo anthu amawanena kale pati: pamaliro, kutchalitchi, pamowa kapena potsanzikana? Kenako awanene mokweza kwa anthu a pamsika wa ku Insaca, osawauza kuti ndi a malonda, n'kuwafunsa kuti wolankhulayo ndani ndipo akuuza yani. Akayankha kuti "ndi munthu wopita paulendo", mawuwo asapite kosindikiza.